Dazi ndi Dzuwa: Chipewa Chitsogole, Mafuta Atsekere Mipata

Tsitsi likayamba kupyapyala, anthu ambiri amada nkhawa ndi maonekedwe, ndipo ndi ochepa amene amaganizira za ntchito imene tsitsilo linkagwira mwakachetechete kuyambira ali makanda. Tsitsi lodzadza bwino ndi denga. Limatchinga cheza cha dzuwa chisanafike pakhungu la pamutu, moti khungu limenelo limatha zaka makumi anayi kapena asanu lili pamthunzi. Dengalo likayamba kudontha, kaya ndi dazi la kumtundu, kaya ndi tsitsi lothothoka chifukwa choluka mothina, kaya ndi matenda, khungu lija limakhala pambalambanda, ndiponso pamalo amene dzuwa la masana limamenya molunjika kuposa pena paliponse m'thupi. Mphuno ndi masaya zimalandira dzuwa chammbali, koma paliwombo limagwa ngati mvula ya padenga. Funso la mmene tingatetezere malo amenewa limayankhidwa kawirikawiri ndi botolo la mafuta, mwina chifukwa botolo lili ndi wolitsatsa pomwe chipewa chilibe. Koma tikayang'ana umboni, dongosolo loyenera ndi lina: chophimba kumutu chitsogole, ndipo mafuta oteteza khungu ku dzuwa abwere kudzatseka mipata imene chophimbacho chasiya.

Chimene chimawotcha khungu si kutentha kumene timamva. Ndi cheza chosaoneka chotchedwa UV, chomwe chili m'magulu awiri ofika padziko. Cha UVB ndicho chimapsereza khungu la pamwamba ndi kuwononga malangizo a m'maselo ake, pomwe cha UVA chimalowa mkati, kukalambitsa khungu ndi kulidetsa mawangamawanga. Mphamvu ya chezachi amaiyeza ndi nambala, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati nambalayo ikafika pa 3 munthu ayambe kudziteteza, pomwe 11 kupita m'mwamba ndi yoopsa kwambiri. Kuno kwathu kufika pa 11 masana si zachilendo m'miyezi yotentha. Ku Lilongwe dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pachaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. Kukwera kwa malo kumawonjezeranso, pafupifupi magawo 10 pa 100 alionse pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Ndiye chifukwa chake Dedza kapena Mzuzu, kumene kamphepo kozizira kamanamiza munthu kuti dzuwa lilibe ukali, si malo otetezeka kuposa Nsanje. Mitambo yopyapyala nayo imalola cheza chambiri kudutsa. Muyeso wosafuna chipangizo ndi chithunzithunzi cha munthu pansi: chikafupika kuposa mwini wake, imeneyo ndi nthawi yoopsa, ndipo kawirikawiri imayambira cha m'ma 9 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana.

Wina atsutsa msangamsanga kuti izi ndi nkhani za azungu, ndipo kutsutsa kumeneku kuli ndi choonadi chimene sitiyenera kuchibisa. Khungu lakuda lili ndi melanini wambiri, amene amameza gawo lalikulu la cheza. Kafukufuku wina wa mu 1979 anayerekeza chitetezo chachibadwa chimenechi ndi mafuta oteteza ku dzuwa a nambala ya SPF pafupifupi 13, pomwe cha khungu loyera chinali pafupifupi 3. Khansa ya pakhungu yoyamba ndi dzuwa ndi yosowa pakati pa anthu akuda, ndipo khansa ya melanoma ikawagwira, imakonda kuonekera kuphazi, m'manja kapena pansi pa zikhadabo, malo amene dzuwa silifika kwenikweni. Choncho kuopseza bambo aliyense wakuda wa dazi kuti khansa ili pakhomo n'kukokomeza. Komabe 13 si khoma. Khungu lakuda limapsa ndithu likakhala maola ambiri padzuwa la nambala 12, makamaka khungu limene langovundukulidwa kumene. Vuto n'lakuti kupsako sikuoneka kufiira, ndiye mwini wake amakutcha dzina lina. Madzulo pamutu pamatentha ndi kuthina, chipeso chikadutsa pamawawa, madzi osamba amaluma, ndipo pakapita masiku atatu kapena kuposerapo khungu limafunduka. Ambiri amati ndi mfundu n'kukagula sopo wa mfundu. Kusiyana kwake n'kwakuti mfundu imayabwa, imabwerabwera ndipo imapezekanso pamene pali tsitsi lambiri, pomwe kufunduka kwa dzuwa kumatsatira tsiku lodziwika, kumayamba ndi ululu, ndipo kumatsata malire a pamalo poyera.

Chofunika kwambiri n'chakuti mawu akuti "anthu akuda" amaphimba anthu a ngozi zosiyana kutali. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi, ndipo kwa iwo khansa ya pakhungu si nkhambakamwa. Imawagwira akadali achinyamata, ndipo mutu ndi khosi ndiwo malo amene imakonda. Palinso anthu amene khungu lawo lataya mtundu pamalo ena chifukwa cha vitiligo, amene ali ndi zipsera za moto kapena za mankhwala owongolera tsitsi, ndi amene ali ndi nthenda ya lupasi ya pakhungu, yomwe imathothola tsitsi, kusiya zipsera zoyera, ndiponso imakula ndi dzuwa. Amene amadzola mafuta oyeretsa khungu achotsa dala gawo la melanini wawo. Ndiye pali mankhwala a kuchipatala amene amachititsa khungu kupsa msanga: dokisisaikilini, bakitirimu, girizofuvini wochizira zipere, ndi mapiritsi a kuthamanga kwa magazi amene pakapepala amalembedwa HCTZ. Palibe ayenera kusiya mankhwala amenewa yekha chifukwa cha dzuwa, koma wowamwa amene tsitsi lake lapyapyala adziwe kuti dzuwa limene ankalipirira kale likhoza kumupweteka tsopano. Anthu onsewa sali m'gulu la SPF 13 ija.

Nanga n'chifukwa chiyani chipewa chiyenera kutsogola? Yankho lili m'mene mafuta amayezedwera. Nambala ya SPF yolembedwa pabotolo imapezeka popaka mamiligalamu 2 pa kabwalo kalikonse ka sentimita imodzi mulitali ndi mulifupi, komwe ndi kupaka kochindikala ndithu. Pamlingo umenewo, SPF 15 imatchinga pafupifupi magawo 93 pa 100 a UVB, SPF 30 imatchinga 97, ndipo SPF 50 imatchinga 98. Koma anthu ambiri amapaka theka la mlingowo kapena kucheperapo, ndipo chitetezo chimatsika nawo. Pamutu vutoli limakula kawiri. Tsitsi lotsala limagwira mafuta asanafike pakhungu, moti munthu amadzoza tsitsi m'malo modzoza khungu. Kenako thukuta, lomwe pamutu limatuluka lambiri, limawakokolola n'kuwatsitsira m'maso, ndipo mpango wopukutira nkhope umamaliza otsalawo. Pakatha maola awiri ayenera kupakidwanso, ndipo ndi angati amene amasiya khasu kapena njinga kuti akapakenso? Chipewa chilibe mavuto amenewa. Mphamvu yake ya 8 koloko m'mawa ndi yomweyo ya 3 koloko masana, sichisiya malo oiwalika, ndipo chimagulidwa kamodzi.

Koma si chipewa chilichonse. Pali zinthu ziwiri zoyang'ana, nsalu yake ndi khonde lake. Nsalu amaiyeza ndi nambala ya UPF, njira imene inakhazikitsidwa ku Australia mu 1996, ndipo UPF 50 imatanthauza kuti gawo limodzi lokha pa magawo 50 a cheza ndilo likudutsa. Zipewa za pamsika ndi za pakaunjika zambiri zilibe nambala imeneyi, koma pali kayezedwe kosavuta. Kwezani chipewacho kuloza kumene kukuwala, n'kuyang'ana mkati mwake. Ngati kuwala kukuoneka timadonthomadontho, cheza chikudutsanso pomwepo. Zipewa zamlaza zolukidwa motayana zimalephera mayeso amenewa, ngakhale zimapereka mthunzi wokoma ndi kamphepo. Sizofunika kuzitaya: telala akhoza kusokera kansalu kothinana mkati mwake, ndipo zikatero zimakhala zabwino kuposa zambiri za m'sitolo. Zolephera kwambiri ndi makapusi a neti kumbuyo, chifukwa netiyo imakhala pamalo enieni amene dazi la amuna limakonda kuyambira. Za khonde, alangizi a ku Australia, dziko limene lavutika kwambiri ndi khansa ya pakhungu, amati la munthu wamkulu likhale la masentimita osachepera 7.5 kuzungulira mutu wonse, ndipo la chipewa chooneka ngati ndowa likhale la masentimita 6. Kapusi wansalu yokhuthala amateteza liwombo ndi mphumi bwinobwino, koma amasiya makutu, nkhongo ndi khosi pabwalo.

Amayi ali ndi mwayi umene abambo alibe, chifukwa duku ndi chovala cholemekezeka paliponse, kutchalitchi, pamaliro, ngakhale pamaso pa mfumu. Duku la chitenje chothinana, chamitundu yakuda kapena yowala kwambiri, chopindidwa kawiri, limatchinga bwino. Kampango kopyapyala koonekera mkati, kamene kamakongola paukwati, kamateteza pang'ono chabe. Nsalu yoyera yopyapyala ya thonje, ngati ya tisheti, ili ndi UPF wa pakati pa 5 ndi 7, ndipo ikanyowa imatsikanso, mfundo yoyenera kuikumbukira kwa amene amanyowetsa mpango kuti aziziritse mutu. Cholakwika chofala chili pakamangidwe. Tsitsi lothothoka chifukwa cha meshi, mawigi omata kapena kuluka mokoka limayamba kutha m'mphepete, pamphumi ndi pamwamba pa makutu, ndipo duku lomangidwa chakumbuyo limasiya pomwepo poyera. Choipanso n'chakuti duku lothina, lomangidwa pamzere womwewo tsiku ndi tsiku, limakhula ndi kukoka titsitsi totsalato. Likhale lotsikira pamphumi, lomasuka moti chala chilowe, ndipo mfundo yake izisinthidwa malo. Mizere ya pakati pa malukidwe nayonso ndi khungu lamaliseche, ndipo ikamakula ndi kupyapyala kwa tsitsi imapsa ngati dazi lenileni.

Apa pamabwera mantha akale akuti chipewa chimayambitsa dazi, kuti tsitsi limafuna kupuma. Mizu ya tsitsi sipuma mpweya wa kunja. Imadyetsedwa ndi magazi. Dazi la amuna limachokera kumtundu ndi ku mahomoni, makamaka ya DHT, imene imafooketsa mizu ya pamphumi ndi paliwombo mwa anthu obadwa ndi mizu yoimvera. Chikhulupirirochi chiyenera kuti chinabadwa chifukwa choona zinthu chakumbuyo: amuna ambiri ovala zipewa ali ndi dazi, koma dazi ndilo linawaveka chipewa. Chimene chipewa chingachite n'kusunga thukuta ndi litsiro ngati sichichapidwa, n'kuyambitsa tiziphuphu, ndiponso kufalitsa zipere ngati anthu akubwerekana. Mankhwala ake ndi sopo. Mantha ena ndi a vitamini D, amene thupi limapanga likawombedwa ndi dzuwa. Thupi limamupanga pakhungu lililonse, ndipo munthu woyenda manja ndi mikono zili poyera m'dziko ngati lino salanda thupi lake kanthu pophimba kachigawo ka pamutu.

Ngakhale zili choncho, mafuta ali ndi malo ake, ndipo malowo amaoneka bwino pamwambo wathu womwe. Mwamuna savala chipewa m'tchalitchi, pamaso pa mfumu kapena kumanda. Mwambo wa maliro umafika pachimake masana, ndipo bambo wa dazi akhoza kukhala maola awiri kapena atatu chipewa chili m'manja pamene dzuwa lili paliwombo, kumvetsera uthenga wa akubanja, wa amfumu ndi ulaliki. Mapemphero a pabwalo ndi milandu ya pabwalo la mfumu zili chimodzimodzi. Kuuza munthu wotere kuti aphwanye mwambo n'kutaya nthawi, ndipo palibe chifukwa. Apake mafuta asananyamuke kunyumba, mphindi 15 kapena 20 asanalowe padzuwa, atenge ena m'thumba, afune pamthunzi ngati palipo, kapena afunyulule ambulera pamene mwambo ukulola. Nthawi ina ya mafuta ndi posambira kunyanja, ndipo ina ndi ya tsiku lililonse kwa wovala kapusi, pamakutu ndi pakhosi.

Posankha, nambala ya SPF ikhale 30 kapena kuposa, ndipo kwa munthu wachialubino kapena wa zipsera zoyera ikhale 50. Popeza SPF imanena za UVB yokha, pabotolo pakhalenso chizindikiro chakuti amatchinga UVA, chomwe pamabotolo ambiri ndi zilembo zimenezi zili mkati mwa kabwalo kozungulira. Akhale osachoka msanga ndi madzi, ndipo tsiku lothera mphamvu liyang'anidwe, makamaka pogula kwa ogulitsa amene katundu wawo amakhala padzuwa tsiku lonse, chifukwa kutentha kumawononga mafutawa. Mtundu wake utengere tsitsi lotsala. Pamutu wa mpala, mafuta wamba a pankhope akwanira. Pamene tsitsi lilipo koma lapyapyala, amadzimadzi opepuka ndiwo amafika pakhungu, ndipo popaka munthu azipatula tsitsi mzere ndi mzere, n'kupaka ndi nsonga ya chala pakhungu penipeni. Okhala ndi zinki okusaidi sakonda kuluma m'maso ndipo ndi abwino pakhungu losachedwa kunyerenyetsa, koma pakhungu lakuda amasiya kutuwa ngati phulusa, zomwe zimachititsa ambiri kupaka pang'ono dala. Kuli bwino kusankha amene munthu angapake okwanira mopanda manyazi. Opopera ndi osavuta, koma ambiri amathera m'tsitsi ndi mumphepo ngati sanatikitidwe ndi dzanja. Wogwiritsa ntchito minokisidili pofuna kumeretsa tsitsi ayambe wapaka mankhwalawo, adikire aume, kenako mafuta a dzuwa. Vaselini, girisilini ndi mafuta a kokonati amafewetsa khungu ndi kuwalitsa dazi, koma satchinga cheza mokwanira kuti n'kuwadalira.

Kutsutsa kwamphamvu kuposa konse ndi mtengo, ndipo kuwerengera kumathandiza kuona pamene ndalama zimathera. Tiyerekeze bambo wa zaka 55 wogulitsa tomato pamsika wa pabwalo, amene ali ndi dazi la paliwombo la masentimita 10 mulitali ndi 10 mulifupi, ndipo amamwa HCTZ. Dazi limenelo ndi timabwalo 100, ndipo pa mamiligalamu 2 kalikonse limafuna mamiligalamu 200, pafupifupi kamzere ka mafuta kofika theka la mfundo yomaliza ya chala cholozera. N'zochepa. Koma akati ateteze ndi mafuta okha mutu wonse, nkhope, makutu ndi khosi, muyeso wa akatswiri ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, mamililita 5, pakupaka kulikonse. Kuyambira 9 koloko mpaka 4 koloko ayenera kupaka kanayi, ndiye mamililita 20 patsiku, ndipo botolo la mamililita 100 latha m'masiku asanu. Palibe wogulitsa tomato angapirire zimenezo, ndipo chimene chidzachitike n'chakuti adzapaka pang'ono kamodzi m'mawa n'kumadziona wotetezedwa. Bambo yemweyo akavala chipewa chakhonde chansalu yothinana, n'kukhala pansi pa kachisakasa, liwombo, mphumi, makutu ndi nkhongo zaphimbidwa. Mafuta amatsalira masiku ovula chipewa ndi mbali za m'munsi mwa nkhope zimene cheza chonjanja pansi chimafikako, ndipo botolo lomwe lija limatha miyezi. Kwa munthu wachialubino kuwerengera kumasintha: iye amafunika zonse ziwiri tsiku lililonse, pamodzi ndi malaya a manja aatali, ndipo n'chifukwa chake kupezeka kwa mafutawa kwaulere m'zipatala kwakhala nkhani imene bungwe la anthu achialubino la APAM limaimenyera.

Mutu ukapsa kale, chithandizo chake n'chosavuta. Thirani madzi ozizira kapena ikani kansalu konyowa, imwani madzi ambiri, ndipo panado achepetsa ululu. Matuza asabooledwe, lumo ndi mankhwala owongolera kapena odetsera tsitsi zidikire mpaka khungu litapola, ndipo zofundukazo zisasendedwe ndi zikhadabo. Matuza akachuluka, kapena pakabwera kutentha thupi, kusanza ndi chizungulire, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuwonongeka kwa zaka zambiri ndiko kumabwera mosalira belu. Chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimamveka ndi chala maso asanachione: kamalo kakang'ono kokhakhala ngati sandipepa, kamene kamachoka kakakandidwa n'kubweranso pomwepo. Madokotala amakatcha akitiniki keratosisi. Si khansa, ndipo tambiri sitisanduka khansa, koma tina timasanduka, ndipo kakadali kotero kamachotsedwa mosavuta pokaumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri kapena ndi mankhwala opaka. Choyenera kufulumira nacho ndi chilonda chimene chatha mwezi osapola, nkhanambo yotuluka magazi n'kuumanso mobwerezabwereza, chotupa chokula msanga, chilonda chobuka pachipsera chakale, kapena banga losintha kukula ndi mtundu. Melanoma ya pamutu ndi pakhosi imapha kuposa ya pamikono ndi miyendo, ndipo chifukwa chimodzi n'chakuti imaoneka mochedwa. Liwombo ndi nkhongo ndi malo amene mwini mutu sawaona ngakhale pagalasi. Amene amawaona ndi wometa, woluka tsitsi, mkazi kapena mwamuna wa m'nyumba. Kamodzi pamwezi, mmodzi wa iwo ayang'ane pamalo owala bwino, akupatula tsitsi ndi kuyendetsa chala pakhungu, ndipo akapeza kachilendo akajambule pafoni kali pafupi ndi ndalama yachitsulo, kuti pakatha milungu inayi pakhale poyerekezera kukula kwake ndi chokaonetsa kuchipatala.